Chimangirizo chikayera mbee: chifukwa chake zolakwika zosowa zimaulula zambiri kuposa maperesenti a makina

Mtsikana wina wa Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Kasiya anandipatsa chimangirizo cha mawu pafupifupi 300 pa mutu wakuti "Ulimi wa fodya m'dera lathu". Ndinachiwerenga kawiri cholembera chofiira chili m'manja, koma sindinapeze pochigwiritsa ntchito. Mnzanga wina mu ofesi anati, "Aphunzitsi, ingochitayipani pafonipa, makina atiuze ngati chalembedwa ndi ChatGPT." Tinayesadi. Tsamba lina laulere linati 8%, lina linati 71%. Chimangirizo chimodzi chomwecho, eti.

Manambala awiriwo sanandithandize kanthu. Chimene chinandithandiza ndi kope lake la teremu yatha.

Tiyambe ndi nambalayo. Mapulogalamu monga GPTZero kapena Turnitin sadziwa amene wagwira cholembera. Amayerekeza kalembedwe kanu ndi mulu wa zolemba za anthu ena ndi za makina, n'kuona ngati mawu anu akutsatana m'njira yosavuta kulosera. Mulu umenewo kwakukulu ndi wa Chingerezi, ndipo ngakhale m'Chingerezimo amaphonya. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inatulutsa chida chotere mu Januwale 2023 ndipo inachichotsa mu Julayi chaka chomwecho chifukwa chinkalakwitsa kwambiri. Iwo eni ananena kuti chinkagwira zolemba za makina 26 zokha pa 100, ndipo chinkanamizira zolemba za anthu 9 pa 100. Tengani kalasi ya ana 60 amene onse alemba okha: asanu akhoza kuyitanidwa ku ofesi popanda mlandu. Chaka chomwecho akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti zida zotere zinkanena kuti zimangirizo zoposa theka za anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo zalembedwa ndi makina. Ndiye Chichewa chathuchi, chimene zidazi sizinapangidwire n'komwe, nambala yake tiyikhulupirire chiyani?

Kope lakale limayankha funso lina, lomwe ndi funso lenileni: kodi munthu uyu amalemba chonchi? Zolakwika za mlembi sizigwa mwachisawawa ngati matalala. Zili ndi malo ake, ndipo zimabwerera pamalo omwewo. Mtsikanayu anali ndi zizolowezi zitatu zimene ndinaziwerenga m'zimangirizo zake zitatu zam'mbuyo.

Choyamba ndi l ndi r. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linakhazikitsa, bungwe lomwe ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, amati r amalembedwa pambuyo pa i kapena e, monga mu "kulira" ndi "dera", kupatula pamene l akuyamba tsinde la mawu, monga mu "chilimwe". Pakamwa pathu kusiyanaku sikusintha tanthauzo, choncho khutu silithandiza. Munthu amayenera kulidziwa lamulolo. Pa malo 40 ofunika r, iye analemba l pa malo 30: "kwambili", "kulemela", "ndalama zambili".

Chachiwiri ndi m wa kumayambiriro. Ankalemba "nsika", "ntengo", "ntsikana", monga mmene ambiri timatchulira tikamayankhula mofulumira. Chachitatu, kankhodolero kankamusowa: "ngombe", "mmunda".

Tsopano chimangirizo chatsopano chija chinali ndi malo 10 ofunika r, ndipo onse anali olondola. Tichite kasamu pang'ono. Ngati chizolowezi chake sichinasinthe, mwayi wolondola pamalo amodzi ndi umodzi mwa inayi. Kulondola malo onse 10 motsatizana ndi (1/4)^10, kutanthauza kamodzi pa maulendo 1,048,576. Sizingangochitika mwamwayi ayi. China chake chasintha, kaya mlembi kaya chizolowezi.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa samuyi ili ndi malire. Ikutenga malo 10 aja ngati osadalirana, pamene mwana akamvetsa lamulo limodzi akhoza kukonza onse pakamodzi. N'chifukwa chake sitidalira chizolowezi chimodzi. Lamulo la r silikhudzana ndi la m, ndipo la m silikhudzana ndi kankhodolero. Kuti zitatu zonse zithe sabata imodzi, popanda phunziro lililonse pakatipo, n'kovuta kukhulupirira.

Palinso china chimene aphunzitsi a chiyankhulo amachidziwa bwino. Munthu amene wangophunzira lamulo kumene amalipitiriza muyeso. Mwana amene wauzidwa dzulo za r amayamba kulemba "kurima" ndi "maro", kuyika r ponseponse poopa kulakwa. Zolakwika zatsopano zoterezi ndi umboni wabwino wakuti akuphunzira yekha. Njira yochoka pa zolakwika 30 kufika pa ziro imadutsa pa 15, pa 6, ndi pa "kurima". Ikadumpha zonsezi, mwina wayenda ndi munthu wina.

Ndinayang'ananso zimene zinasowa limodzi ndi zolakwikazo. M'kope lakale mtsikanayu ankalemba ngati mwana wa mlimi wa fodya: nazale, kusoka fodya, chigafa, mavenda. Chimangirizo choyeracho chinati "nyumba youmitsiramo masamba". Mwana wa kwa Kabudula amene wakulira pansi pa chigafa sangachitchule choncho. Chiganizo chake n'cholondola ndithu, koma chikumveka ngati chamasuliridwa kuchokera kwina.

Komabe onani bwino chimene umboniwu ukunena ndi chimene sukunena. Ukunena kuti dzanja lina lalowapo. Sukunena kuti ndi la ndani. Akhoza kukhala ChatGPT, akhoza kukhala Google Translate, yomwe ili ndi Chichewa kuyambira 2014, akhoza kukhala achimwene ake, kapena buku. Ndipo umagwira ntchito pokhapokha muli ndi zolemba zakale zokwanira, zolembedwa pamaso panu. Kwa mwana amene amalemba bwino kale, kuyera kwa chimangirizo si chizindikiro cha kanthu. Musayerekezenso uthenga wa pa WhatsApp ndi chimangirizo cha m'kalasi, chifukwa munthu mmodzi yemweyo amadzisamala mosiyana pa malo awiriwo.

Choncho sindinamuimbe mlandu. Ndinamuyitana nthawi yopuma, ndinasankha ziganizo zisanu m'chimangirizo chake chomwe, n'kumuwerengera kuti alembe. Zinatenga mphindi zosakwana khumi. "Zambili" anabwerera, "nsika" anabwereranso. Ndinayika mapepala awiriwo pamodzi n'kumufunsa kuti, "Iwe, ukuona kusiyana kwanji apa?"

Anakhala chete kaye, kenako anati, "Aphunzitsi, ndinalemba ndekha poyamba, koma achimwene anati n'zoipa, ndiye anakonza pafoni yawo. Ine ndinangokopera."

Ndinamupempha pepala loyambalo, ndipo anabwera nalo mawa lake. Linali ndi zolakwika 19, komanso ndime imodzi yofotokoza mmene mvula ya mu Febuluwale imaolera fodya m'chigafa chodontha, ndime imene foni ija inaifafaniza yonse. Ndinachonga limenelo. Mayeso a MANEB akadzafika chaka chamawa sadzalowa ndi achimwene kapena foni, ndipo zolakwika 19 zija ndi zimene zikundiuza poyambira. Lolemba tinayamba ndi r.