Kabuku ka zithunzi kophunzitsira antchito atsopano m'fakitale

Nyengo yokolola ikafika, achinyamata ambiri a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete amapita kukafuna ntchito m'mafakitale a fodya ku Kanengo, ena m'malo oswera mtedza ndi oyengera mafuta a mpendadzuwa. Ambiri amakhala asanaimepo pafupi ndi makina aakulu kuposa chigayo cha pamsika. Lamulo loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la chaka cha 1997 limalamula olemba ntchito kuti aziuza ndi kuphunzitsa antchito awo za ngozi zomwe zili pamalopo. Njira imodzi yochitira zimenezi ndi kabuku kakang'ono ka zithunzi zambiri ndi ziganizo zazifupi, komwe munthu amalandira tsiku loyamba.

Chifukwa cha zithunzizo n'chodziwikiratu. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse azaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pakati pa odziwawo palinso ambiri amene amawerenga mwapang'onopang'ono, ndipo Chingerezi chimawavuta. Koma chithunzi sichidzimasulira chokha, ndipo apa ndi pamene timabuku tambiri timaphonya.

Zizindikiro za m'mafakitale zimatsata muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 7010. Chozungulira chofiira chokhala ndi mzere wodutsa pakati chimaletsa. Cha ngodya zitatu chachikasu chimachenjeza. Chozungulira chabuluu chimalamula, monga kuvala zotchinga m'makutu, pamene cha ngodya zinayi chobiriwira chimalozera kopulumukira kapena kothandizira wovulala. Palibe amene amabadwa akudziwa zimenezi. Kwathu kuno vuto lina n'lakuti mawu oti "biriwira" ena amatchulira msipu ndi thambo lomwe, choncho kabuku kongoti "chizindikiro chobiriwira" kakhoza kusokoneza lamulo ndi njira yothawira. Wolemba wosamala amatchula maonekedwe pamodzi ndi mtundu, nkuika chizindikirocho pambali pa mawuwo.

Titenge tsamba limodzi, lomwe pafakitale yoyenga mafuta ndi lofunika kuposa onse: chochita makina akatsamwa. Makinawa ali ndi chitsulo chopotana chomwe chimakankha ndi kufinya mpendadzuwa. Mbewu ikaunjikana pakamwa pake, munthu mwachibadwa amafuna kuitokosa ndi dzanja kapena kamtengo, monga amaonera kuchigayo. Chitsulocho chikagwira chala, chimakoka dzanja lonse.

M'buku la akatswiri malangizo ake amalembedwa m'chiganizo chimodzi chachitali, chonena kuti wogwira ntchito aonetsetse kuti mphamvu ya magetsi yadulidwa kotheratu asanayese kuchotsa chilichonse chotsekereza makina. M'kabuku kabwino chiganizocho chimagawidwa m'magawo asanu ndi limodzi, gawo lililonse chithunzi chake ndi nambala yake. Dinani batani lofiira. Zimitsani swichi yaikulu pakhoma. Khomani loko wanu paswichiyo. Ikani kiyi m'thumba mwanu. Dinani batani loyatsira, muone kuti makina sakudzuka. Tsopano chotsani zotsamwitsa.

Chiganizo chilichonse chili ndi ntchito imodzi, ndipo ziganizozo zikutsatana monga momwe manja adzachitire. Taonaninso kusiyana kwa "imitsani" ndi "zimitsani". Mawuwa amamveka mofanana m'phokoso, koma akunena zinthu ziwiri. Makina oimitsidwa ndi batani akadali ndi magetsi, ndipo mnzanu wosadziwa kuti dzanja lanu lili m'kati akhoza kuwayatsanso. Makina amaimanso okha magetsi akathima, chinthu chomwe sichachilendo kuno, ndipo mitundu ina imadzuka yokha akayakanso. N'chifukwa chake chithunzi cha loko ndi kiyi sichiyenera kusowa. Gawo lachisanu, loyesa kuyatsa, ndi limene ambiri amalidumpha, chonsecho ndi lokhalo limene limaulula ngati munthu wazimitsa swichi ya makina ena.

Chichewa chathu chilinso ndi msampha wake. Mawu oti "mutsegule" ndi "musatsegule" amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, zobisika pakati pa liwu. Wowerenga movutikira, amene amagwira chiyambi ndi mathero a liwu nkungoganizira zotsalazo, akhoza kuwerenga chiletso ngati lamulo. Pomwe kungatheke ndi bwino kunena chimene munthu achite: m'malo mwa "musatsegule chivindikiro", kabuku kanene kuti "siyani chivindikiro chili chotseka". Pomwe chiletso sichingapeweke, liwu loti "AYI" liime palokha m'zilembo zikuluzikulu pambali pa chizindikiro chofiira.

Za zithunzi zenizenizo, zojambula pamanja kawirikawiri zimaposa za kamera, chifukwa kamera imatola zonse, matumba, mawaya ndi anthu odutsa, ndipo diso limasowa pogwira. Komabe chojambulacho chifanane ndi makina a pafakitale yomweyo. Ngati swichi ya pakhoma ili yozungulitsa, kabuku kasaonetse yokokera pansi. Munthu wa m'chithunzi aoneke yense, popeza dzanja lojambulidwa lokha ena amaliona ngati dzanja loduka. Chithunzi cha cholakwika chisaime chokhanso: owerenga ena saumva mzere wofiira ngati chiletso, amangoona munthu akulowetsa dzanja m'makina nkuyesa kuti ndiko kagwiridwe kake. Cholakwika ndi choyenera zikhale moyandikana patsamba limodzi.

Pali cholakwa china chomwe chimabwera chifukwa chokopera timabuku ta kwina. Chithunzi cha magolovesi chimaikidwa patsamba lililonse ngati kuti magolovesi amateteza paliponse. Ponyamula malata kapena pogwira mankhwala amathandizadi, koma pafupi ndi chitsulo chozungulira amakodwa nkukokera dzanja m'kati. N'chimodzimodzi chitenje, mpango wolendewera kapena malaya osamanga mabatani pafupi ndi lamba. Tsamba la zovala liyenera kuonetsa mayi ndi bambo omwe, aliyense atavala moyenera makina amene akugwirapo.

Nanga tingadziwe bwanji kuti kabuku kakumveka? Kufunsa kuti "mwamva?" sikuthandiza, pakuti munthu amene wangopeza ntchito sangayankhe abwana kuti sanamve. Njira yake ndi kuphimba mawu, kumuonetsa chithunzi chokha, nkumufunsa kuti akuonapo chiyani ndipo angachite chiyani. Muyezo wa ku Amereka wotchedwa ANSI Z535.3 umati chizindikiro chiyesedwe pa anthu osachepera 50, ndipo 85 mwa 100 aliwonse achimve molondola, pomwe omva zotsutsana ndi tanthauzo lake asapitirire asanu mwa 100. Pa anthu 50, ndiye kuti 43 alondole, ndipo atatu okha akamva chiletso ngati chilolezo, chithunzicho chijambulidwenso. Oyesedwawo akhale ofanana ndi amene adzalembedwe ntchito. Akalaliki a muofesi ndi amakaniko akale sangathandize pamenepa, chifukwa yankho akulidziwa kale.

Kabuku kakamalizidwa, kapitawo atenge wantchito watsopano kupita naye pamakina, atsegule tsamba lija, ndipo wantchitoyo achite magawo onse asanu ndi limodzi ndi manja ake. Apa m'pamene zimaonekeranso ngati fakitale yachita mbali yake. Lamulo la 1997 lomwe lija limafuna kuti mbali zoopsa za makina zikhale zotchinga. Kabuku kakanena kuti "khomani loko wanu", wantchitoyo ayenera kupatsidwa loko wakewake, wa kiyi mmodzi, ndipo swichi ya pakhoma ikhale ndi kabowo kokolekapo lokoyo.