Musanagule antivayirasi, onani kaye yomwe ili kale mu laputopu yanu

Laputopu ikayamba kuchedwa, ambiri amathamangira kukagula antivayirasi. Komatu Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi yakeyake, Microsoft Defender, ndipo kwa munthu wolemba makalata, kuwerenga ndi kulowa pa intaneti imakwanira. Vuto limakhala loti yazimitsidwa kapena yatsalira m'mbuyo. Oika mapulogalamu obedwa amaizimitsa dala kuti isawasokoneze, osaiyatsanso. Enafe timatseka Windows Update poopa kutha kwa bandulo, osadziwa kuti njira yomweyo ndi imene Defender imalandirira mndandanda wa mavayirasi atsopano. Tsegulani Windows Security, mulowe pa Virus & threat protection, muone ngati Real-time protection ili yoyatsa. Kuwonjezera antivayirasi ziwiri kapena zitatu sikuwonjezera chitetezo. Zimangolimbana zokhazokha n'kulemetsa makina.

Si kuchedwa kulikonse komwe kuli vayirasi. Laputopu ya RAM ya 4 GB ndi hadi disiki yakale yozungulira imachedwa ngakhale ilibe kachilombo. Kuti musiyanitse, tsekani mapulogalamu onse, mudikire mphindi zisanu, kenako mudine Ctrl+Shift+Esc kuti Task Manager itseguke. Makina opuma sayenera kugwira ntchito yolemetsa. Ngati CPU yakhazikika pa 80% kapena 100%, fani ikulira ndipo pansi pakutentha, dinani pamutu wa CPU kuti pulogalamu yodya kwambiri ikhale pamwamba. Mukapeza Antimalware Service Executable musadandaule, ndi Defender yomweyo ikufufuza. Koma likakhala dzina lachilendo, dinani batani lakumanja musankhe Open file location. Chinthu chodzitcha svchost.exe chikapezeka mu AppData kapena Temp m'malo mwa System32, n'chonamizira. Nthawi zambiri zoterezi zimakhala zokumbira eni ake ndalama za pa intaneti ndi mphamvu ya makina anu. Zina n'zochenjera: zimasiya ntchito mukangotsegula Task Manager, fani n'kukhala chete, mukatseka n'kuyambanso. Chimenechonso ndi chizindikiro.

Kuno kwathu vayirasi yofala imayenda pa fulashi, makamaka yochokera kosindikiza mapepala kapena koikitsa nyimbo. Mafoda amaoneka ali ndi kamuvi pakona, ndipo mukadina, vayirasi imalowa. Musafufute fulashiyo, mafayilo anu angobisidwa. Ifufuzeni ndi Defender, kenako mu Command Prompt mulembe izi, kusintha E ndi chilembo cha fulashi yanu:

```
attrib -h -r -s /s /d E:\*.*
```

Lamuloli limangobweza mafayilo poyera, silichotsa vayirasi. Yomwe yakakamira mu laputopu ichotseni ndi Microsoft Defender Offline scan, yomwe ili pa Scan options. Makina amazima n'kuyakanso, n'kufufuza pafupifupi mphindi 15 Windows isanatseguke, vayirasi isanapeze mpata wobisala. Mukatero sinthani mapasiwedi a imelo ndi a kubanki, chifukwa mwina anabedwa kale.