Nambala za foni zotsika mtengo, makasitomala odula

Pa Facebook pali mauthenga ena otsatsa malonda amene sagulitsa kanthu nthawi yomweyo. Amangopempha munthu kuti asiye dzina ndi nambala ya foni pa fomu, kenako wamalonda amuyimbire. Wolipira uthengawo akatsegula Ads Manager amaona ndalama zimene wawononga pa nambala iliyonse, ndipo mtengowo ukatsika amasangalala. Koma nambala ya foni si kasitomala ayi.

Tiyerekeze wogulitsa zipangizo za magetsi a sola ku Lilongwe amene waika mauthenga awiri, uliwonse K300,000. Woyamba ukuti aliyense wofuna kuthana ndi kuzimazima kwa magetsi alembetse. Wachiwiri ukutchula mtengo wa zipangizozo poyera, ndipo fomu yake ikufunsa dera limene munthu amakhala komanso mwezi umene akufuna kugula. Woyamba wabweretsa nambala 200, kutanthauza K1,500 pa nambala. Wachiwiri wabweretsa 50 zokha, K6,000 pa nambala. Ambiri akaona zimenezi amazimitsa wachiwiriwo sabata yomweyo.

Dikirani masabata asanu ndi umodzi, mutsegule kabuku ka malisiti. Mwa anthu 200 aja, ogula ndi 3. Mwa 50 aja, ogula ndi 6. Tsopano kasitomala mmodzi wa uthenga woyamba wadya K100,000, pomwe wa wachiwiri wadya K50,000. Ngati phindu pa seti imodzi ndi K120,000, woyamba wasiya K60,000 mukachotsa zotsatsira, wachiwiri wasiya K420,000. Ndiye musaiwale kuti pali mtsikana mu shopu amene anatha masiku akuyimbira anthu 200, mayunitsi akupita, ena osayankha, ena akufunsa kuti “Mwaitenga kuti nambala yangayi?” Zimenezo zikawerengedwa, ka K60,000 kaja katsala pang'ono kutheratu.

Chimene chimachititsa si tsoka. Fomu ya Facebook imadzaziratu yokha dzina ndi nambala kuchokera pa zimene munthu analemba kale pa akaunti yake, mwina zaka zapitazo, pa layini imene anataya kalekale. Kungodina kawiri, watumiza. Komanso makina a Meta amafunafuna chimene mwawapempha. Mukawauza kuti mukufuna nambala zambiri motchipa, amaonetsa uthenga wanu kwa anthu amene amakonda kudzaza mafomu, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Pokonza fomu pali posankha pakati pa More volume ndi Higher intent. Yachiwiriyi imauza munthu aonenso zimene walemba asanatumize, choncho nambala zimachepa ndipo mtengo wake umakwera. Kukwera kotere nthawi zambiri ndi kwabwino.

Kuti muweruze ndi malonda enieni, nambala iliyonse iziyenda ndi dzina la uthenga umene unaibweretsa. Fayilo imene mumatsitsa ku Facebook imakhala kale ndi gawo lotchedwa `ad_name`, musalifufute. Onjezerani magawo anayi: tsiku limene munayimba, ngati anayankha, ngati anapatsidwa mtengo, ndi ndalama zimene analipira. Kumapeto kwa mwezi yerekezerani nambalazo ndi za m'malisiti. Tsitsani fayiloyo pafupipafupi, chifukwa Meta imasunga mayankho a mafomu kwa masiku 90 okha. Makampani akuluakulu amabweza zotsatirazi kwa Meta kudzera pa Conversions API kuti makinawo aphunzire mtundu wa anthu ogula, koma shopu yaing'ono ingayambe ndi tebulo wamba.

Njirayi nayo ili ndi misampha yake. Malonda amachedwa: munthu amene walemba fomu pa 10 mwina akudikira malipiro a pamapeto pa mwezi, ndipo mlimi angadikire mpaka atagulitsa zokolola. Choncho werengerani wogula aliyense ku mwezi umene anasiya nambala, osati umene analipira, apo ayi uthenga wa mwezi uno udzatamandidwa chifukwa cha ntchito ya uthenga wa mwezi watha. Komanso ogula 3 ndi 6 ndi ochepa kwambiri. Anthu ochepa okha atasintha maganizo, chithunzi chonse chatembenuka. Pamene mukudikira kuti achuluke, yang'anani masitepe a pakati, monga kuchuluka kwa amene anayankha foni ndi amene anapempha mtengo, chifukwa amenewa amaoneka m'masiku ochepa.

Nthawi zina vuto silikhala uthenga konse. Ngati nambala za uthenga wina zimayimbiridwa tsiku lomwelo pomwe za wina zimagona masiku anayi, ndiye kuti mukuyeza liwiro la woyimba foni. Gawani nambala za mauthenga onse mofanana kwa oyimba anu, ndipo ngati mumagulitsa pa ngongole, werengerani ndalama zimene zalowadi, osati mapangano amene asainidwa.