Chikalata cha ku ofesi chikafika pakamwa pa muulutsi

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi idalengeza kuti kwacha yatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imodzi ya ku Amereka, yomwe inkagulitsidwa pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Nkhani ngati imeneyi imafika ku wailesi ya kanema ili m'chikalata cholembedwa ndi akatswiri, ndipo pamafunika munthu woti aikonze kuti muulutsi akainene akuyang'ana kamera.

Tiyerekeze kuti wolemba wangoitsanulira m'Chichewa momwe zikalata za m'maofesi zimamvekera: "Potsatira kuunikanso kwa kayendetsedwe ka msika wa ndalama zakunja, anthu onse akudziwitsidwa kuti mtengo wosinthira kwacha ndi dola wasinthidwa kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, zomwe zikuimira kusintha kwa 44 peresenti."

Mulibe bodza m'chiganizochi, koma tachiwerengani mokweza. Mpweya ukutherani pakati. Wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera pamwamba n'kuyambiranso, pomwe wowonera kanema amamva kamodzi kokha, mwinanso ali kalikiliki kupakula nsima. Mukamamuuza za "kuunikanso kwa kayendetsedwe", iye akudikirabe kuti amve chomwe chachitika, ndipo manambala atatu akabwera mothithikana kumapeto, sagwirapo ndi imodzi yomwe.

Wolemba waluso amayamba wavundikira chikalatacho n'kudzifunsa kuti mlongo wake ataimba foni pompano, angamuuze chiyani. Zomwe angayankhezo zimakhala pafupi ndi izi:

"Ngati mumapikula katundu kunja, tamverani izi. Kwacha yatsika mphamvu. Banki Yaikulu yati dola imodzi tsopano ili pa K1,700. Dzulo inali pa K1,180. Ndiye kuti pogula madola 100, muziwonjezera K52,000."

Taonani zomwe zasintha. "Anthu onse" achoka, pabwera inu. Muulutsi wabwino amayankhula ngati akucheza ndi munthu mmodzi, koma munthu wake ndi wamkulu woyenera ulemu, n'chifukwa chake timati "tamverani" osati "tamvera". Wochita chinthu watchulidwanso. Zikalata zimakonda "kwaganiziridwa", "wasinthidwa", "akudziwitsidwa", ngati kuti zinthu zimangochitika zokha, chonsecho wowonera akufuna adziwe amene wanena. Kenaka nambala iliyonse yapatsidwa chiganizo chakechake, ndipo yomaliza ija ndi samu yomwe wolemba wamuwerengera wowonera: K520 yowonjezera pa dola iliyonse, kuchulukitsa ka 100. Peresenti yasiyidwa dala. Ikhoza kulembedwa pakanemapo kuti maso aione, pakamwa patsale ndalama zomwe munthu amazidziwa m'thumba.

Apa pali dzenje lomwe ambiri amagweramo, ndipo ine limandidetsa nkhawa kuposa chiganizo chouma chija. Pofuna kumveka wochezeka, wina amalemba kuti: "Konzekani, zinthu zonse zikwera ndi 44 peresenti." Zikumveka bwino, koma bankiyo sidanene zimenezo. Chomwe chidakwera chotere ndi mtengo wa dola. Mtengo wa sopo kapena feteleza umadaliranso zina, monga kuchuluka kwa zipangizo zake zochokera kunja ndi mtengo wa mayendedwe. Wowonera akamva zotere pa kanema amazitenga ngati lamulo, ndipo wagolosale mawa lake asintha mitengo ponena kuti adamva pa nkhani. Choncho mukamaliza kulemba, vundukulani chikalata chija, muyendere mzere ndi mzere. Pomwe eni ake adati "mwina" kapena "tikuyembekezera", mawu amenewo asatayike.

Kucheza kulinso ndi malire ake. "Aise" ndi "amwene" ali ndi malo awo m'mapulogalamu a achinyamata, koma nkhani yoti ndalama za anthu zachepa mphamvu siyofunika nthabwala.

Chotsala ndi kuyesa ndi pakamwa. Muulutsi amawerenga mawu oyenda pagalasi lomwe lili kutsogolo kwa kamera, ndipo mzere uliwonse umanyamula mawu ochepa. Chiganizo chikatalika, mutu wake umakhala utazimirira pamwamba iye asanafike kumchira. Mudzamuzindikira msanga: maso amauma, mawu amatsika pamalo polakwika, amapuma pakati pa nambala. M'maphunziro a utolankhani amati mawu atatu amatenga sekondi imodzi, koma muyeso umenewu ndi wa Chingerezi. Liwu limodzi la Chichewa ngati "sitinakambiranenso" limadya nthawi ya mawu angapo. Werengani mokweza wotchi ili m'manja, ndipo ngati n'kotheka muulutsiyo awerenge yekha pulogalamu isanayambe. Pomwe wapunthwa kawiri, musamuuze kuti ayeserenso. Lembaninso mzerewo.