Levi ikakwera, eni mafulati amafuna kuona masamu

Kalata yonena kuti levi yakwera siilandiridwa ndi manja awiri pa mdadada uliwonse wa mafulati ku Joni. Levi ndi ndalama imene mwini fulati aliyense ku South Africa amasonkha mwezi ndi mwezi kuti pakhale zolipirira inshuwalansi ya nyumba yonse, alonda, osesa, magetsi a m'makonde ndi kukonza zowonongeka. Amalawi amene anagula mafulati kumeneko amaidziwa bwino, ndipo alendi nawo imawapeza kudzera mu lendi.

Komiti ya eni nyumba imene imangolemba kuti "zinthu zadula" imadziputira mkangano. Anthu amafuna kuona masamu, ndipo masamuwo alipo.

Lamulo loyendetsera nyumba zotere, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, limafuna matumba awiri a ndalama: la zolipira za tsiku ndi tsiku ndi losungira ntchito zikuluzikulu monga denga, penti ndi chikepe. Thumba lachiwirili ndilo limadzidzimutsa anthu. Ngati ndalama zosungidwa sizikufika pa 25 peresenti ya zimene zinasonkhedwa m'thumba loyamba chaka chatha, eni nyumba ayenera kuikamo ndalama zosachepera 15 peresenti ya bajeti yatsopano ya thumba loyambalo.

Tiyerekeze mdadada umene chaka chatha unasonkha R1,200,000 osaikako kanthu pambali, ndipo m'thumba losungira muli R100,000 yokha, pamene pamafunika R300,000. Chaka chino inshuwalansi ndi alonda zakweza bajeti kufika pa R1,320,000. Kuwonjezerapo 15 peresenti, yomwe ndi R198,000, zonse zikukwana R1,518,000. Mwini fulati amene gawo lake ndi 2 peresenti ankalipira R2,000 pamwezi. Tsopano azilipira R2,530. Pa R530 yowonjezerayo, R200 yokha ndiyo yabwera ndi kudula kwa zinthu. R330 yotsalayo ndi ya denga limene lidzafune kukonzedwa, ndipo komiti yanzeru imalemba manambala awiriwa padera m'kalata yake, pamodzi ndi pulani ya zaka 10 ya ntchito zokonza imene lamulo limafunanso.

Funso lina silisowa: bwanji wa khomo loyandikana akulipira zochepa? Gawo la munthu limawerengedwa potengera kukula kwa fulati yake, osati chiwerengero cha ogonamo.

Bajetiyi imavomerezedwa ndi eni nyumba pa msonkhano wa pachaka. Chaka cha ndalama chikatha msonkhanowo usanachitike, komiti ikhoza kukweza levi payokha, koma osapitirira 10 peresenti. Amene amajomba misonkhano ndiwo kawirikawiri amakuwa kwambiri kalata ikafika.

Wosakhutira ali ndi ufulu wopempha kuona mabuku a ndalama, ndipo zikakanika akhoza kukadandaula ku CSOS, bungwe la boma loweruza mikangano ya m'nyumba zotere. Kungosiya kulipira sikuthandiza, chifukwa ngongoleyo imabereka chiwongoladzanja, ndipo fulati singasinthidwe umwini levi isanalipidwe kapena kukonzedwa dongosolo loilipirira.