Masamba 130 a zokambirana, mfundo zitatu: mmene wophunzira amasanthulira zomwe anthu amuuza

Chaka chomaliza chikafika pakati ku yunivesite, kaya ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, mumapeza ophunzira ena atatseka makutu ndi mahedifoni, chala chili pa batani loimitsira mawu. Akumva chiganizo chimodzi, aimitsa, alemba, abwezanso m'mbuyo. Amenewa ndi aja adapita kukacheza ndi anthu pa kafukufuku wawo, ndipo tsopano akulemba liwu ndi liwu zonse zomwe adajambula pa foni. Ola limodzi la mawu limatha kudya maola anayi kapena asanu ndi limodzi polemba. Komatu chigwetsa ambiri ndi chomwe chimabwera pambuyo pake: mulu wa masambawu ausandutsa bwanji kukhala zotsatira?

Njira yomwe ambiri amatsata idatchuka ndi akatswiri awiri a zamaganizo, Virginia Braun wa ku Auckland ku New Zealand ndi Victoria Clarke wa ku Bristol ku England. M'chaka cha 2006 iwo adalemba nkhani yoyala ntchitoyi m'magawo asanu ndi limodzi: kuzolowerana ndi zolembazo, kuika makhodi, kufunafuna mfundo zikuluzikulu, kuziunikanso, kuzipatsa maina, kenako kulemba lipoti. Ophunzira ambiri amaloweza ndandandawu bwinobwino. Pomwe amaterereka ndi pakati pa gawo lachiwiri ndi lachitatu.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachinayi amene akufuna kudziwa chifukwa chomwe amayi ena amasiyira magulu a banki mkhonde. Wacheza ndi amayi 12 omwe adatuluka m'magulu, aliyense kwa mphindi 40. Atalemba zonse, wapeza masamba 130. Asanagwire cholembera, akuwerenga onsewo kawiri, kwinaku akumvetseranso mawu, chifukwa pepala silisonyeza pomwe mayi adaseka mwamanyazi kapena pomwe adatsitsa mawu poona apongozi akudutsa.

Khodi ndi kadzina kakafupi komwe wofufuza amamata pa kachigawo ka zoyankhula, konena chomwe chilimo. M'chitsanzo chathuchi, mayi wina wanena kuti ndalama adatenga yekha ku gulu, koma atafika pakhomo bambo adati abwerekeko agulire feteleza, ndipo tsiku lobweza litakwana anthu adabwera kudzanyamula ndowa ndi mapoto ake. Ziganizo ziwiri zokha, koma mtsikanayu akutulutsamo makhodi atatu: "mwamuna watenga ngongole", "ndalama yapita ku munda", "kulandidwa ziwiya". Akadangolemba kuti "vuto", khodiyo ikadakhala yopanda ntchito, poti mawa sangakumbuke kuti linali vuto lanji. Khodi yabwino imamveka ngakhale tsamba lomwe idachokera litatsekedwa.

Pa ntchitoyi alipo mapulogalamu a pakompyuta monga NVivo ndi ATLAS.ti, omwe amathandiza kusunga ndi kusanja. Kuganiza kumatsalira munthu. Pa zokambirana 12, tebulo la mu Excel likwanira: danga la nambala ya mayi, la mawu ake enieni, ndi la khodi. Maina enieni salembedwa, amangokhala Mayi 1 mpaka Mayi 12. Ndi bwinonso kuika makhodi pa Chichewa chomwe amayiwo adayankhula, n'kudzamasulira mawu okhawo olowa mu lipoti. Mayi akati gulu lidasanduka katapira, liwu limenelo lanyamula mkwiyo womwe umatayika likangomasuliridwa kuti ngongole ya chiwongoladzanja chokwera.

Pomaliza, mtsikanayu ali ndi makhodi 86. Ena ndi amodzi ovala malaya osiyana: "kuchita manyazi", "kuyaluka pagulu" ndi "kusekedwa pa mjigo" akuwaphatikiza. Atsala 31.

Apa ndiye pali msampha. Mafunso ake adali pa zinthu zitatu, ubwino wa gulu, mavuto ake ndi zoyenera kusintha, ndiye chapafupi n'kungothira makhodi 31 aja m'mabasiketi atatu omwewo. Mphunzitsi womuyang'anira akaona "Ubwino", "Mavuto" ndi "Zofunika kusintha", amadziwiratu kuti wophunzira wangobweza mafunso ake. Braun ndi Clarke akhala akuchenjeza za zimenezi: kusonkhanitsa zonse zomwe anthu anena pa nkhani imodzi sikupeza mfundo. Pansi pa "Mavuto" pangalowe mvula, matenda, mlembi wakuba ndi mwamuna woledzera, zinthu zosalumikizana kupatula kuti zonse n'zowawa.

Mfundo yeniyeni imanena kanthu. Choncho mtsikanayu akulemba khodi iliyonse pa kapepala kake, n'kuyala timapepala 31 pamphasa. Akusuntha, akufunsa kuti ndi ati omwe akufotokoza nkhani imodzi. "Mwamuna watenga ngongole" wakhala pafupi ndi "ndalama yapita ku munda". Kenako akuona kuti "kubisa tsiku logawana", yomwe poyamba adaiika kwina, ndi ya pomwepo: mayi amabisa tsikulo kuti bambo asadikirire ndalama pakhomo. "Kulandidwa ziwiya" nayonso yabwera, chifukwa zomwe zimalandidwa ndi za mayi, ngakhale ndalama adadya ndi wina. Makhodi asanu ndi awiri akumana, ndipo chowamanga chikutheka kunenedwa m'chiganizo chimodzi: ngongole ili m'dzina la mayi, koma ndalama ili m'manja mwa bambo. Chiganizo chimenechi munthu akhoza kuchitsutsa kapena kuchivomereza, pomwe liwu loti "Mavuto" palibe angalitsutse.

Atayala onse, milu yatuluka isanu. Tsopano akubwerera ku tebulo lija kukawerenga mawu onse a pansi pa mulu uliwonse. Mulu wa "kusakhulupirira atsogoleri" wapezeka kuti pafupifupi mawu ake onse ndi a Mayi 7, yemwe adakangana ndi msungichuma. Imeneyo ndi nkhani ya munthu mmodzi, ndiye akuichotsa pa mfundo zikuluzikulu. Milu ya "manyazi" ndi "kuopa anansi" ikungobwerekana mawu omwewo, chizindikiro choti ndi mulu umodzi. Zatsala mfundo zitatu: ya ngongole ndi bambo ija, ina yoti wokongoza ndi mnansi yemwe udzakumane naye pamaliro ndi kutchalitchi, ndi yachitatu yoti amayi amabwereka ku gulu lina kuti abweze ku linzake.

Nanga Mayi 4, yemwe adati mwamuna wake ndiye adamubwezera ngongole yonse? Wophunzira wofulumira amamubisa kuti mfundo ioneke yosalala. Koma powerenganso, mtsikanayu akupeza kuti bamboyo atabweza ndalamazo adalamula mkazi wake kuti asadzapondenso ku gulu. Mfundo yakula: nkhani si kudya ndalama kokha, koma kuti mwini chiganizo pa ndalamayo ndani. Akusintha dzina la mfundoyo kuti ligwire zonse ziwiri.

Mu lipoti, mfundo iliyonse ikhala ndi ndime yoifotokoza, mawu a amayi awiri kapena atatu osiyana, ndi kumasulira kwa wofufuza pansi pa mawu aliwonse. Sadzalemba maperesenti, chifukwa amayi 12 sadasankhidwe kuti aimire boma lonse, ndipo mayi amene sadatchule za mwamuna wake mwina sadafunsidwe kapena adaopa. Adzanenanso poyera kuti adacheza ndi otuluka okha. Amayi omwe adakali m'magulu, amene mwezi wa Disembala amagawana masheya n'kugula malata, sadamveke m'masamba 130 aja.