Phiri lomwelo, zaka 63: kuwerenga zithunzi ziwiri za malo amodzi

Pa 13 Ogasiti 1941, William Field anaima pa chitunda cha White Thunder ku Alaska, kumpoto kwa Amereka, najambula chigwa chomwe chinali kumunsi kwake. Pa 31 Ogasiti 2004, Bruce Molnia wa bungwe la boma lofufuza za nthaka ndi miyala la USGS anakaima pa chitunda chomwecho, naloza kamera komwe Field analoza. Zithunzi ziwirizi zafalikira dziko lonse, ndipo anthu ambiri akaziona amangogwira pakamwa n'kunena kuti ayezi watha. Mawuwa si abodza, koma ndi ochepa kwambiri, ndipo amene wathamanga kuwanena amaphonya kusintha kwakukulu kumene kunachitika m'chigwamo.

Tidziwe kaye chimene Field ankajambula. Kumaiko ozizira, chipale chomwe chimagwa m'mapiri chimaunjikana zaka mazanamazana mpaka kusanduka ayezi wolimba, ndipo chifukwa cha kulemera kwake amatsetsereka m'chigwa pang'onopang'ono ngati phala lolimba pa mbale yopendekeka. Mtsinje wa ayezi wa m'chigwachi umatchedwa Muir, ndipo mu 1941 unkathera m'nyanja yamchere.

Ntchito yoyerekeza zithunzi imayambira pa zinthu zimene sizinasinthe. Izi zimadabwitsa anthu, chifukwa maso amathamangira pa chachilendo. Koma usanalembe kuti chakuti chachoka, uyenera kutsimikiza kuti ukuyang'ana malo amodzimodzi kuchokera pamalo amodzimodzi. Pa zithunzi za Muir, mboni zake ndi nsonga za mapiri zakumbuyo: n'zomwezo, zandandalikana chimodzimodzi. Wojambula kachiwiri amapeza poima posankha chinthu chapafupi, monga thanthwe, ndi chakutali, monga nsonga ya phiri. Ngati pa chithunzi chakale nsongayo yatulukira pamwamba penipeni pa thanthwe, iye amasuntha kumanja, kumanzere, kukwera kapena kutsika mpaka ziwirizo zitakumananso. Ukaphonya ndi mamita ochepa chabe, zinthu zapafupi zimaoneka ngati zasuntha pomwe wasuntha ndiwe. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta: ukasanjikiza zithunzizo, mapiri akutali amagwirizana koma miyala yapafupi imasemphana.

Kenaka uyang'ane zosintha zimene zabwera ndi kamera kapena nyengo. Chithunzi cha 1941 n'chakuda ndi choyera, cha 2004 n'chamitundu, choncho kubiriwira pakokha si umboni. Tiyenera kuona ngati pamalopo pali masamba ndi nthambi kapena mwala wosalala. Ubwino wa zithunzi izi ndi wakuti zonse zinajambulidwa mu Ogasiti, chakumapeto kwa nyengo yotentha ya kumeneko, pamene chipale cha chaka chimenecho chimakhala chitasungunuka m'munsi mwa mapiri. Kwathu kuno msampha umenewu ndi waukulu zedi. Phiri lojambulidwa mu Febuluwale, udzu uli msinkhu, ukaliyerekeza ndi lomwelo mu Okutobala moto utadutsa, ukhoza kulumbira kuti nkhalango yatha pomwe sipanagwe mtengo ndi umodzi womwe. Ngakhale ola limene wajambula lili ndi mbali yake: dzuwa la m'mawa limaonetsa maenje ndi zigwembe chifukwa cha mithunzi, la masana limazibisa.

Zimenezi zikatha m'pamene mndandanda umayamba, ndipo njira yabwino ndi kugawa chithunzi m'zigawo, chapafupi, chapakati ndi chakutali, n'kulemba chigawo chilichonse pachokha. Chapafupi, pomwe wojambula waima, mu 1941 pali mwala wopanda chomera. Mu 2004 pali zitsamba ndi mitengo yothithikana. Chapakati, pansi pa chigwa, mu 1941 pali ayezi wong'ambikang'ambika kuchokera khoma lina la chigwa kufika khoma linzake. Mu 2004 pali madzi a m'nyanja okhaokha. M'mbali mwa mapiri, malo otsetsereka omwe anali okwiririka mu 1941 ali poyera mu 2004. Chakutali, chakumanja, pakuonekabe mtsinje wa ayezi ukutsikira kumadzi.

Pa mzere womalizawu m'pamene ambiri amagwa. Munthu akaona ayezi wotsalayo amaganiza kuti ndi Muir amene wabwerera m'mbuyo mpaka pamenepo, ndipo amayesa mtundawo ndi chala n'kukhutira. Koma ameneyo si Muir. Ndi mtsinje wina wotchedwa Riggs, umene mu 1941 unkathira mu Muir, awiriwo n'kumaoneka ngati chinthu chimodzi. Pofika 2004 Muir anali atabwerera kutali kwambiri moti anatulukiratu m'chithunzi, kubisika kuseri kwa mapiri. Malinga ndi USGS, pa zaka 63 zimenezi anabwerera makilomita oposa 12, ndipo kuchindikala kwake kunatsika ndi mamita oposa 800. Manambala amenewa sangawerengedwe pa zithunzi ziwiri zokha. Amafunika mapu ndi miyeso ya pamalopo. Wolemba mndandanda woona mtima amalemba kuti Muir sakuonekanso, ndipo ngati akuwonjezera makilomita amanena kumene wawatenga.

Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona luso lonse: kulekanitsa chimene diso laona ndi chimene mutu waganiza. Kulemba kuti pamene panali mwala pali mitengo ndi kuona. Kulemba kuti dera latentha ndi kuganiza, ndipo chithunzi sichingachitire umboni pachokha. Asayansi ali ndi umboni wochuluka wakuti kutentha kwa dziko kukusungunula ayezi wa ku Alaska, koma mbiri ya chigwa ichi ndi yaitali kuposa pamenepo. George Vancouver ndi anthu ake atafika kuderali mu 1794 anapeza pafupifupi gombe lonse la Glacier Bay litatsekedwa ndi ayezi, ndipo John Muir, amene mtsinjewu unatengera dzina lake, atafika mu 1879 anapeza ayeziyo atabwerera kale makilomita ambirimbiri. Mitsinje ya ayezi yothera m'nyanja ilinso ndi khalidwe lakelake: mphuno yake ikangofika pa madzi akuya, imagumuka msanga ndipo imabwerera mofulumira. Zonsezi sizioneka pa pepala.

Malire ena ndi akuti zithunzi ziwiri ndi masiku awiri basi. Sizinena ngati kusinthako kunachitika pang'onopang'ono kapena kamodzin'kamodzi. Mwamwayi, Field anabwereranso pa chitundacho mu Ogasiti 1950, ndipo chithunzi chachitatuchi chikuonetsa kuti pa zaka zisanu ndi zinayi zokha Muir anali atabwerera kale makilomita oposa 3, madzi a m'nyanja atayamba kulowa m'chigwa, koma pafupi ndi kamera padakali mwala wopanda zomera. Tsopano mndandanda ukutha kunena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira: madzi analowa kaye, mitengo inadza pambuyo.

Owerenga a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe akudziwa bwino chifukwa chake chithunzi chapakati n'chofunika. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, kenaka inadzazanso. Wina atatenga chithunzi cha doko la Kachulu cha chaka cha madzi ambiri n'kuchiika pambali pa cha 1995, akhoza kunena kuti nyanja yafa. Wina atayambira pa 1995 akhoza kunena kuti ikukula. Onse awiri aona zoona, koma nyanja yosaya ngati imeneyi, imene imaphwa ndi kudzaza potengera mvula, imafuna zithunzi za zaka zambiri, za mwezi umodzimodzi, ndipo kuseri kwa chilichonse kulembedwe tsiku, ola, pamene wojambula anaima ndi kumene analoza.